Kusungitsa Chipinda ku Mangalande Muli Kuno: Chikole Chimakugulirani Masiku 15 Okha

Chaka ndi chaka, nyengo ya Julayi ndi Ogasiti ikafika, pamakhala Amalawi amene apeza malo kuyunivesite kapena ntchito ku Mangalande ndipo nkhawa yawo yatsala imodzi: akatsika ndege, akagona kuti? Chipinda amachiona pa foni, pa masamba ngati SpareRoom kapena Rightmove, n'kuchikonda. Mwininyumba amayankha mwansangala kuti chipinda chilipo, koma ochifuna ndi ambiri, ndiye ngati mwatsimikiza tumizani kangachepe tikusungireni. Kangachepe kameneka pa malonda a nyumba kamalembedwa kuti holding deposit, ndipo m'nkhani ino tikatchula kuti chikole.

Kuno kwathu zimenezi sizachilendo. Ukapeza nyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni, umasiyako kenakake kwa alandilodi kuti asapatse wina, mwezi ukatha n'kudzalowa, ndipo zonse zimathera pakamwa. Munthu amene wazolowera zimenezi amaganiza kuti akatumiza chikole ku Leeds, ndiye kuti chipinda chimudikira mpaka tsiku limene adzafike ndi zikwama. Lamulo la ku Mangalande silinena choncho. Chikole sichisunga chipinda mpaka tsiku lofika. Chimasunga chipinda mpaka tsiku losainirana mgwirizano wa lendi, ndipo ngati simunalemberane zina, tsiku limenelo limakwana pa tsiku la 15 kuchokera pamene ndalama yalandiridwa. Munthu amene ali ku Zomba, viza sinatuluke, ndege ili milungu isanu kapena isanu ndi umodzi kutsogolo, akhoza kutha masiku 15 amenewa asakudziwa n'komwe kuti akuwerengedwa.

Lamulo limene likulamulira zonsezi ndi Tenant Fees Act 2019, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2019. Lisanabwere, maejenti a nyumba ankalipiritsa anthu pa chilichonse: kulemba mgwirizano, kufufuza mbiri ya munthu, ngakhale kungotsegula failo. Lamuloli lidathetsa malipiro ambiri otere, n'kusiya ochepa okha ololedwa, ndipo chikole ndi chimodzi mwa iwo. Koma lidachiikira malire, kuti sichingapitirire lendi ya mlungu umodzi.

Mawerengedwe ake ndi osavuta, ngakhale ambiri amawaphonya pogawa lendi ya mwezi panayi. Lendi ya mwezi imachulukitsidwa ka 12, kenako n'kugawidwa ndi 52. Chipinda cha £650 pa mwezi ndi £7,800 pa chaka, ndipo pa mlungu ndi £150. Chikole cha chipinda chimenecho sichingapose £150. Mwininyumba akanena kuti popeza muli kutali ndipo muchedwa kufika, mutumize £400 kapena lendi ya mwezi wathunthu kuti akusungireni musanasainirane kalikonse, ndalama yopyola pa £150 ndi malipiro oletsedwa. Kutalika kwa ulendo wanu sikusintha malirewa. Lamulo lomweli limaletsanso mwininyumba kusunga zikole ziwiri pa chipinda chimodzi nthawi imodzi. Akalandira chanu, sangalandire cha wina asanathane ndi chanucho.

Chikolechi tisachisokoneze ndi dipoziti yaikulu, ija yotetezera katundu wa m'nyumba ngati mutaswa kanthu kapena kuthawa ndi lendi. Imeneyo malire ake ndi lendi ya milungu isanu pa nyumba zimene lendi yake pa chaka siifika £50,000, ndiye pa chipinda chathu chija ndi £750. Pa mgwirizano wa lendi wamba, dipoziti yaikuluyi imayenera kusungitsidwa m'masiku 30 ku limodzi la mabungwe atatu ovomerezeka ndi boma, Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme. Chikole sichipita kumeneko. Chimakhala m'thumba la mwininyumba kapena ejenti, ndipo chimene chimakutetezani ndi zimene mudalemberana. N'chifukwa chake kalata imene mumalemba musanatumize ndalama ili ndi ntchito yaikulu kuposa ndalamayo.

Masiku atatu amene ayenera kulumikizana

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Zomba wapeza malo a digiri yachiwiri ku Leeds, ndipo maphunziro akuyamba chakumapeto kwa Seputembala. Akufuna kufika pa 12 Seputembala. Wapeza chipinda cha £650 m'nyumba yogawana ndi ophunzira ena atatu. Wapereka kale pempho la viza koma yankho silinabwere. Chikole cha £150 chikufika kwa ejenti pa 4 Ogasiti.

Kuwerenga kumayambira tsiku lomwelo la 4 Ogasiti, ndipo tsiku la 15 ndi 18 Ogasiti. Pofika tsiku limenelo mgwirizano wa lendi uyenera kukhala utasainidwa. Ngati sunasainidwe, ejenti amayang'ana kuti wachedwetsa ndani. Ngati iye adachita mbali yake yonse, adatumiza mafomu ndi mgwirizano, koma mtsikanayo adangokhala chete poganiza kuti zonse adzathana nazo akafika, lamulo limalola ejenti kusunga £150 ija ndi kupereka chipinda kwa wina. Mtsikanayo angadzamve za izi pa 20 Ogasiti, viza ili m'manja, tikiti atagula, chipinda palibe. Ejentiyo sanabe. Watsata lamulo ndendende.

Ndiye pali masiku atatu osiyana, lolandirira chikole, losainirana, ndi loyambira lendi, ndipo ntchito ya kalata ndi kuwatchula onse atatu ndi manambala ake. Njira zotsekera mpata wa pakati pa 18 Ogasiti ndi 12 Seputembala zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kusuntha tsiku losainirana. Lamulo limalola mbali ziwirizi kugwirizana tsiku lina m'malo mwa la 15, bola zikhale zolembedwa. Mtsikana wathu angapemphe kuti tsikulo likhale 1 Seputembala, nthawi imene akuyembekeza kuti yankho la viza lidzakhala litabwera. Ejenti akavomera pa imelo, chikole chake chimasunga chipinda mpaka tsiku limenelo. Ubwino wa njira iyi ndi woti zinthu zikalakwika, chachikulu chimene angataye ndi £150. Kuipa kwake ndi koti mwininyumba naye sanamangike. Akhoza kusintha maganizo pa 30 Ogasiti, n'kubweza £150 m'masiku 7 monga lamulo likunenera, ndipo nkhani yathera pomwepo. Salipira chipukuta misozi chilichonse.

Yachiwiri ndi kusainirana msanga, muli kuno, mgwirizano umene ukunena kuti lendi idzayamba pa 12 Seputembala. Maejenti ambiri amasainitsa pa intaneti, ndipo siginecha yotere imagwira ntchito. Apa chipinda chasungidwadi, chifukwa mwininyumba wamangika. Koma inunso mwamangika. Viza ikakanidwa mutasaina kale, chimene chili pachiswe sichikhalanso £150 yokha, chifukwa mgwirizano wa lendi uli ndi udindo wolipira lendi. Munthu amene viza yake sinatuluke asasaine pokhapokha mgwirizano uli ndi ndime yonena kuti viza ikakanidwa, ndipo umboni wa kukanidwako ukaperekedwa m'masiku akutiakuti, mgwirizano watha popanda ngongole. Nyumba zambiri zazikulu zogonamo ophunzira zimakhala ndi ndime yotereyi yolembedwa kale. Mwininyumba wamba nthawi zambiri sakhala nayo, ndipo muyenera kuipempha nokha.

Kwa amene akudikira viza, ine ndimaona kuti njira yoyamba ndiyo yanzeru, kenako n'kusaina tsiku lomwe viza yatuluka osadikira kufika. Kwa amene viza ali nayo kale, palibe chifukwa chozengerezera, asaine.

Tisaiwale mbali ya mwininyumba. Ngati chipindacho chili chopanda munthu pa 4 Ogasiti, kukudikirani mpaka pa 12 Seputembala kumamutayitsa lendi ya milungu isanu ndi theka, ndalama zopitirira £800. Chikole cha £150 sichimutonthoza, makamaka poti chidzachotsedwa pa zimene mudzalipire. Ambiri amakana pa chifukwa chomwechi, ndipo ena amapempha ndalama yapadera yodikirira, yomwe lamulo sililola. Njira yoongoka ndi kukumana pakati: mgwirizano uyambe pa 1 Seputembala, inu mulipire lendi ya masiku 11 a chipinda chimene simunagonemo. Ndalama imeneyo ndi lendi yeniyeni ya chipinda chimene ndi chanu kale, osati ndalama yongoponya m'madzi. Kuposa apo, funani chipinda chimene chalembedwa kuti chidzapezeka mu Seputembala, chimene mwini wake akudikirabe kuti wokhalamo atuluke. Iyeyo kukudikirani sikumutayitsa kanthu.

Kalata yake

Kalatayo idzalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi, monga mtsikana wathu angazilembere ejenti asanatumize ndalama:

"Zikomo pondionetsa chipinda chakumbuyo cha m'chipinda cham'mwamba pa vidiyo dzulo. Ndikufuna kuchitenga pa lendi ya £650 pa mwezi, magetsi, gasi, madzi ndi intaneti zili momwemo monga munanenera. Pakadali pano ndili ku Malawi. Ndapereka pempho la viza ya ophunzira ndipo yankho silinabwere. Ndikuyembekeza kufika ku Leeds pa 12 Seputembala, ndipo ndikupempha kuti lendi iyambe tsiku limenelo. Ndine wokonzeka kupereka chikole cha £150, chomwe ndi lendi ya mlungu umodzi. Popeza masiku 15 adzatha viza isanatuluke, ndikupempha tigwirizane kuti tsiku lomaliza kusainirana likhale 1 Seputembala. Ndikuvomera kuti tikasainirana, £150 imeneyi ichotsedwe pa lendi ya mwezi woyamba. Ndikupemphanso kuti mutsimikize kuti viza ikakanidwa, n'kukutumizirani kalata ya kukanidwako m'masiku atatu, chikolechi chidzabwezedwa chonse. Ndilibe munthu wondiimirira pa lendi amene amakhala ku Britain, koma ndili ndi kalata ya bungwe limene likundilipirira maphunziro. Ndisanatumize ndalama, chonde nditumizireni mgwirizano wa lendi ndiuwerenge, mundiuze zimene mumafuna pofufuza munthu, komanso mutsimikize mfundo zili pamwambazi poyankha imelo ino."

Kalatayi ndi yaifupi ndipo simuli kupepesa kapena kufotokoza mavuto a kwathu. Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito, ndipo zingapo mwa izo zikutsamira pa lamulo lenilenilo.

Taonani chiganizo chonena kuti viza sinatuluke. Munthu angaganize kuti kubisa zimenezi kungamuthandize kupeza chipinda. Zimamupweteka. Ku Mangalande, kuyambira pa 1 Febuluwale 2016, mwininyumba aliyense amakakamizidwa kutsimikiza kuti munthu wamkulu amene akumulowetsa m'nyumba ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo akalowetsa wopanda chilolezo amalipitsidwa chindapusa. Lamulo la zikole limalola mwininyumba kusunga chikole ngati zapezeka kuti munthuyo alibe chilolezo chotere, koma pokhapokha ngati mwininyumbayo sankadziwa, ndipo sakanatha kudziwa, pa nthawi imene ankalandira ndalama. Mukamuuza nokha m'kalata kuti viza ikudikiridwa, zimamuvuta kudzanena kuti sankadziwa. Komabe zimenezi pazokha sizikwanira, chifukwa viza ikakanidwa, inu ndi amene mudzalembe kuti simubweranso, ndipo munthu amene wadzichotsa yekha lamulo limalola kuti chikole chake chidyedwe. N'chifukwa chake kalatayi ikupempha lonjezo lapadera la kubweza. Ejenti akhoza kukana, ndipo akakana mumatumiza ndalama mukudziwa kuti £150 ija mwaibetcha.

Viza ikatuluka, chilolezocho chimatsimikizidwa pa intaneti. Mumalowa pa GOV.UK, n'kutenga nambala imene pamenepo imatchedwa share code, ya zilembo ndi manambala 9, yomwe imagwira ntchito masiku 90. Ejenti amailowetsa pamodzi ndi tsiku lanu lobadwa, n'kuona chithunzi chanu, ndipo angathe kutsimikiza nkhope yanu pa vidiyo muli kuno. Kwa munthu wa viza yokhala ndi malire a nthawi, kufufuzaku kumayenera kuchitika m'masiku 28 mgwirizano usanayambe, ndiye ejenti akakuuzani kuti dikirani pang'ono, nthawi zina chifukwa chake ndi chimenechi.

Chiganizo chonena za wokuimirirani pa lendi nachonso n'chofunika. Maejenti ambiri amafufuza munthu asanamupatse nyumba. Amafuna umboni wa malipiro, mbiri ya ngongole ya ku Britain, ndi kalata ya mwininyumba wakale. Wobwera kumene alibe zonsezi, ndiye amauzidwa kuti apeze munthu wokhala ku Britain amene angasainire kuti lendi ikavuta adzalipira ndi iye. Lamulo likuti kungolephera kukwaniritsa zofuna za ejenti si chifukwa chodyera chikole. Mukanena zoona, iwo n'kuona kuti simukuwakwanira, ayenera kubweza. Chimene chimadyetsa chikole ndi bodza kapena mawu osocheretsa pa nkhani imene ikanasintha maganizo a mwininyumba, monga kukweza malipiro anu pa fomu, kapena kulemba kuti azakhali anu a ku Nottingham avomera kukuimirirani musanawafunse n'komwe. Azakhaliwo akadzakana, £150 yapita.

Kale obwera kuchokera kunja ankadutsa vuto limeneli polipiriratu lendi ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Lamulo latsopano la Renters' Rights Act 2025, limene mbali yake yaikulu idayikidwa kuyamba pa 1 Meyi 2026, latseka njira imeneyo pa migwirizano ya lendi wamba. Mwininyumba saloledwa kulandira lendi musanasainirane, ndipo mukasainirana sangafune yopitirira mwezi umodzi musanalowe. Izi zimateteza thumba lanu, koma zachititsanso kuti funso la wokuimirirani likhale lolimba kuposa kale. Lifunseni musanatumize chikole, osati pambuyo.

Chiganizo chovomera kuti £150 ichotsedwe pa lendi chilipo chifukwa lamulo limafuna chilolezo chanu. Popanda chilolezocho, ejenti ayenera kukubwezerani ndalamayo m'masiku 7 mutasainirana, ndipo kubweza £150 ku Malawi ndi chintchito chopanda phindu kwa aliyense. Pa chitsanzo chathu, mtsikanayo akasaina adzayenera kulipira £650 ya mwezi woyamba ndi £750 ya dipoziti yaikulu, zonse pamodzi £1,400. Kuchotsapo £150, yotsala ndi £1,250. Nambala imeneyi aione yolembedwa pa pepala la ejenti, chifukwa chikole chimaiwalika mosavuta pakati pa manambala akuluakulu.

Ndalama ichoke bwanji kuno

Aliyense amene adayesapo kutumiza ndalama zakunja kudzera ku banki kuno akudziwa kuti si nkhani ya tsiku limodzi. Banki imafuna zikalata zosonyeza chimene mukulipira, ndipo ndalama zakunja zikasowa mumadikira. Imelo ya ejenti yotsimikiza mfundo zanu ndi invoisi yake zimathandiza pamenepa. Potumiza pa SWIFT mudzafunika IBAN ya wolandira, yomwe ku Britain imayamba ndi GB ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 22. Pa fomu pamakhala malo osankha wolipira mtengo wotumizira, OUR, SHA kapena BEN. Mukasankha SHA kapena BEN, mabanki a m'njira akhoza kudulapo zawo, £150 n'kufika yoperewera, ndipo ejenti angakhale akudikira yotsalayo chipinda chili pa msika. OUR ikutanthauza kuti zonse mwalipira inu. Kalata yanu inenenso tsiku limene mwatumiza, ndipo mupemphe ejenti akuuzeni tsiku limene ndalama yafika, chifukwa masiku aja amawerengedwa kuyambira tsiku lofika, osati lotumiza.

Pa ndalama yochepa chonchi, ambiri amapempha mbale amene ali ku Britain kuti alipire, n'kudzabwezerana pambuyo. Njira iyi ndi yachangu, ndalama imafika tsiku lomwelo, ndipo ili ndi ubwino wina umene anthu sauganizira. Mabanki ambiri a ku Britain, munthu akamalowetsa dzina la wolandira, nambala ya nthambi ya manambala 6 ndi nambala ya akaunti ya manambala 8, amamuuza ngati dzinalo likugwirizana ndi mwini akauntiyo. Ejenti akakhala kampani koma akaunti ili m'dzina la munthu wina, mbale wanu adzaziona ndalama isanachoke. Chongofunika kukumbukira ndi choti chikole chikamabwezedwa chimabwerera kwa amene adalipira. Ndiye m'kalata tchulani kuti ndalama ichokera kwa azakhali anu m'malo mwa inu, ndipo iwo alembe dzina lanu ndi adiresi ya chipindacho potumiza.

Chipinda chimene kulibe

Zonse zimene tanenazi zikugwira ntchito ngati chipindacho chilipodi ndipo wokulemberaniyo ali ndi mphamvu yochibwereketsa. Lamulo silingakuthandizeni pa munthu amene dzina lake ndi lopeka. Akuba a mtundu umenewu amakonda anthu amene ali kunja, chifukwa sangabwere kudzagogoda pakhomo. Amatenga zithunzi za nyumba yeniyeni pa malonda a ena, n'kuziika pa Facebook kapena Gumtree pa mtengo wotsika moonekeratu. Nkhani yawo imafanana: mwininyumba naye ali kunja kwa dziko pa ntchito, makiyi adzatumiza, ofuna chipindachi ndi ambiri, lipirani lero. Ena amachenjera kuposa apo. Amati musanditumizire ine, tumizani kwa mnzanu pa Western Union kapena MoneyGram, mungondionetsa lisiti kuti ndidziwe kuti ndalama muli nazo. Pa lisitipo pali nambala yotengera ndalama ndi dzina la wolandira, ndipo ndi chitupa chabodza amakaitapa okha.

Chizindikiro choyamba chili m'masamu aja. Wopempha lendi ya mwezi ndi dipoziti yonse musanaone mgwirizano, kaya ndi wakuba kaya ndi mwininyumba wosadziwa lamulo, musamutumizire. Chachiwiri ndi vidiyo. Musakhutire ndi vidiyo yojambulidwa kale. Pemphani kuti akuyimbireni ali m'nyumbamo, ayambire panja, akuonetseni nambala ya pakhomo ndi msewu, atsegule chitseko ndi kiyi, akwere masitepe, atsegule zenera la chipindacho. Wakuba amapeza zifukwa, netiweki yavuta, wokhalamo sakufuna kujambulidwa. Ngati muli ndi mbale kapena mnzanu wa kumpingo mumzindawo, apite akaone ndi maso, ngakhale mumulipirire basi.

Pali zinthu ziwiri zimene mungafufuze muli pampando kuno. Ejenti aliyense wobwereketsa nyumba ku Mangalande amayenera kukhala membala wa limodzi la mabungwe awiri omva madandaulo, The Property Ombudsman kapena Property Redress Scheme, ndipo mayina a mamembala amapezeka pa masamba a mabungwewo. Mukapeza dzinalo, yimbani nambala imene ili pa tsamba la kampaniyo, osati imene mwapatsidwa pa WhatsApp, chifukwa akuba amabwerekanso mayina a makampani enieni. Ngati mukulankhula ndi mwininyumba mwini wake, HM Land Registry imagulitsa pa intaneti chikalata chosonyeza mwini wa nyumba pa mtengo wa £7. Dzina likasiyana ndi la wokulemberaniyo, si kuti basi ndi wakuba, popeza akhoza kukhala woyang'anira nyumba kapena wolipira lendi amene akubwereketsa chipinda chimodzi. Koma afotokoze, ndipo aonetse chilolezo cha mwiniwake.

Funsaninso ngati mwininyumba amakhala m'nyumba momwemo. Akakhala kuti amakhalamo ndipo mukugawana naye khitchini kapena bafa, malire a chikole ndi omwewo, koma dipoziti yanu yaikulu sakakamizidwa kuisungitsa ku mabungwe atatu aja, ndipo kukutulutsani n'kosavuta kusiyana ndi wa mgwirizano wamba. Zipinda zambiri zotsika mtengo zimene obwera kumene amapeza ndi za mtundu umenewu.

Chikole chikakanidwa kubwerera

Tiyerekeze kuti pa 1 Seputembala mgwirizano sunasainidwe chifukwa ejenti sadautumize, ngakhale mtsikana uja adakumbutsa kawiri. Apa wolephera ndi ejenti, ndipo £150 iyenera kubwerera m'masiku 7. Ngakhale ejenti atakhala ndi chifukwa chomveka chosungira ndalamayo, lamulo limamukakamiza kulemba chifukwacho kwa wolipira m'masiku 7. Akapanda kulemba, ufulu wosunga ndalamayo wamuthera, ndipo ayenera kubweza ngakhale wolakwa atakhala inu. Amayeneranso kubweza ngati adakupemphani malipiro oletsedwa, kapena ngati adachita zinthu zimene munthu wanzeru sangapitirize nazo kusainirana. Izi zikusonyeza kufunika kosunga imelo iliyonse ndi tsiku lake. Zokambirana pa foni muzizitsatira ndi uthenga wolemba, wonena kuti monga tagwirizana lero, tsiku lomaliza ndi lakuti.

Poitanitsa ndalama, kalata imodzi yodekha yotchula dzina la lamuloli, tsiku limene chikole chidafika, tsiku lomaliza kusainirana ndi tsiku limene masiku 7 adatha, nthawi zambiri imakwanira kwa ejenti weniweni, chifukwa akudziwa kuti khonsolo ya mzinda ingamulipitse chindapusa choposa £150 kutalitali. Ikapanda kuthandiza, dandaulo limapita ku bungwe lomva madandaulo limene ejentiyo ali membala, kapena ku nthambi ya khonsolo yoona za malonda, ndipo bwalo la First-tier Tribunal lili ndi mphamvu yolamula kuti ndalama ibwezedwe.

Malamulo amenewa ndi a ku Mangalande kokha, osati Britain yense. Ku Wales kuli lamulo lakelake la 2019 limene nalonso limaika malire a lendi ya mlungu umodzi ndi masiku 15, koma kufufuza chilolezo chokhala m'dziko kuja eninyumba a kumeneko sakakamizidwa. Ku Scotland, kumene Amalawi ambiri amapita kukaphunzira ku Edinburgh ndi ku Glasgow, mwininyumba amaloledwa kulandira lendi ndi dipoziti yobwezedwa yosapitirira lendi ya miyezi iwiri basi, ndipo ndalama yosungitsira chipinda imene sibwerera ndi yoletsedwa. Amene akupita kumeneko akauzidwa kuti chikole chidzadyedwa akasintha maganizo, afunse ofesi yoona za malo ogona ya yunivesite yake asanatumize kalikonse.